Mafomu olembedwa pamanja ndi zilembo zokayikitsa: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa alembi a deta ndi amene amawayang'anira. Kuti tisamangolankhula m'malere, mayankho onse atsamira pa fomu imodzi: yomwe mlembi wa kalabu ya alimi amalembapo ndalama zomwe mamembala abweza pa ngongole ya mbewu ndi feteleza. Pa fomuyo pali dzina, nambala ya foni, tsiku, ndalama, ndipo pansi pali zonse pamodzi. Tikati "chilembo" tikutanthauza malemba ndi manambala omwe, monga B kapena 8.

Kodi kuika chizindikiro pa chilembo chokayikitsa n'kutani?

Ndi kukopera zomwe zikuoneka bwino, ndipo pamene simukutsimikiza n'kusiyapo chizindikiro choti munthu wina adzaonepo. Chizindikirocho chimakhala pa chilembo chenichenicho, osati pa fomu yonse. Mukangolemba kuti "fomu 214 siyikuoneka bwino", wowunika ayamba kuwerenga pepala lonse mwatsopano. Mukanena kuti pa fomu 214, mzere 3, ndalama, chilembo chachiwiri chingakhale 7 kapena 1, iye ayang'ana malo amodzi okha ndipo ntchito itha m'masekondi ochepa.

Njirayi ndi imodzimodzi kaya akuwerenga ndi munthu kapena pulogalamu ya OCR, yomwe imasandutsa chithunzi cha zolembedwa kukhala malemba a pakompyuta.

Bwanji osangolemba chomwe chikuoneka kuti n'chomveka? Nthawi zambiri timalondola.

Inde, nthawi zambiri mumalondola. Vuto lili pa nthawi zochepa zomwe mwaphonyazo, chifukwa cholakwa cholota chimafanana ndendende ndi cholondola. Malo osiyidwa amadziulula okha. Koma K11,500 yolembedwa m'malo mwa K17,500 imakhala phee m'kompyuta mpaka tsiku lomwe mlimi auzidwa kuti akadali ndi ngongole ya K6,000 yomwe anabweza kalekale. Pofika pamenepo pepala lili m'katoni ina kusitolo, ndipo palibe amene akukumbukira kuti pa chilembo chimenecho panali chikayiko.

Masamu nawonso sakomera wolota. Tinene kuti mumalondola zilembo 98 pa 100 zilizonse, zomwe zimamveka ngati kukhoza bwino. Nambala ya foni ya kuno ili ndi zilembo 10, ndipo kuti ikhale yolondola zonse khumi ziyenera kulondola. Mukachulukitsa 0.98 ndi iyo yomwe kakhumi mupeza pafupifupi 0.82. Ndiye kuti manambala 18 pa 100 aliwonse ali ndi cholakwa. Ngakhale mutafika pa 99, manambala pafupifupi 10 pa 100 akhalabe olakwika. Dzina likalakwika chilembo chimodzi mwiniwake amadziwikabe, koma nambala ya foni ikalakwika chimodzi yasanduka ya munthu wina.

Ndi zilembo ziti zomwe zimasokoneza kwambiri?

Pa manambala, 1 ndi 7 ndiwo akulu a mavuto, makamaka kwa amene amalemba 1 wokhala ndi kachipewa ndipo sadula 7 pakati. Kenako 4 ndi 9 pamene mutu wa 4 watsekeka, 0 ndi 6 pamene cholembera chapitirira, 3 ndi 8 pa pepala la kaboni lomwe lafufutika mbali imodzi, komanso 5 ndi 6. Pamene malemba ndi manambala zasakanizika, monga pa nambala ya chiphaso cha unzika, pamabweranso O ndi 0, I ndi 1, S ndi 5, B ndi 8, Z ndi 2. M'maina olembedwa molumikiza, u amafanana ndi n, a ndi o, ndipo r woyandikana ndi n amaoneka ngati m.

Palinso zina zomwe si zilembo koma zimawerengedwa ngati zilembo. Mzere wa bokosi umasanduka 1. K wa kwacha amasanduka 1 ndi chinachake. Ka /= kapena kamzere komwe ena amatsekera nako ndalama kamatha kuwonjezera 1 kumapeto, K5,000 n'kukhala K50,001.

Chomwe chimathandiza n'chakuti dzanja la munthu silisinthasintha. Mlembi mmodzi akalemba mafomu 30, onani momwe amalembera 7 pamalo osakayikitsa, monga pa tsiku la mwezi wa 07 lomwe mukulidziwa kale, n'kufananiza.

Chizindikirocho tichilembe bwanji?

Gwirizanani njira imodzi ntchito isanayambe, muilembe papepala, aliyense akhale nayo patebulo. Iyi imagwira bwino:

```
1[7/1]500    ndi 7 kapena 1; woyamba ndiye woyandikira
1[?]500      chilembo chimodzi sichikuwerengeka
12[...]      sizikudziwika kuti zatsala zingati
<palibe>     pa fomu sipanalembedwe kanthu
<anafufuta>  analemba n'kudula, osalembanso
```

Kusiyanitsa `[?]` ndi `<palibe>` n'kofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Choyamba chikutanthauza kuti yankho lilipo koma ife talephera kuliwerenga, ndiye wowunika angathe kulipeza. Chachiwiri chikutanthauza kuti mlembi wa kalabu sanalembe, ndiye kuyang'anitsitsa pepala sikuthandiza, pafunika kufunsa kumudzi. Mukasiya malo onse awiri opanda kanthu, simudzadziwanso kuti ndi ati otumiza kwa ndani. Ndipo musalembe 0 pamene sipanalembedwe kanthu. "Sanabweze" ndi "sitikudziwa ngati anabweza" ndi nkhani ziwiri.

Zomwe mwawerenga koyamba zikhale m'kolamu yakeyake, zomwe wowunika watsimikiza zikhale m'kolamu ina, pamodzi ndi amene watsimikiza ndi tsiku lake. Musafufute zoyambazo. Ndi zomwe zidzakuuzeni mtsogolo kuti ndi zilembo ziti zimakuvutani, komanso ndi umboni pakabuka mkangano.

Zithunzi zomwe timalandira n'zosaoneka bwino. Tingatani?

Choyamba funsani ngati pepala lenilenilo lilipo. Kujambulanso kumatenga mphindi imodzi, pomwe kulimbana ndi chithunzi choipa kumadya tsiku. Pa sikana sankhani 300 dpi, ndipo musankhe `Grayscale` kapena `Color`, osati `Black and White`. Njira yomalizayi imagamula kuti kadontho kalikonse ndi kakuda kapena koyera, ndiye zolembedwa ndi pensulo kapena za pakaboni, zomwe ndi zotuwa, zimaduka miyendo kapena kusoweratu. 8 wotaya mbali yake yakumanzere amasanduka 3 wooneka bwino kwambiri, ndipo palibe amene angamukayikire.

Ngati akujambula ndi foni, pepala ligone pathyathyathya, foni ikhale pamwamba pake molunjika, pamthunzi wowala monga pakhonde, osati padzuwa lenileni, ndipo ngodya zonse zinayi zioneke. Potumiza pa WhatsApp asankhe `Document`. Akatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachichepetsa, ndipo timizere tosiyanitsa 1 ndi 7 ndi tomwe timayamba kutayika.

Kuwongola chithunzi chopendekeka ndi kuwonjezera kusiyana kwa zakuda ndi zoyera kumathandiza, koma chitani zimenezi pa kope. Wowunika aziona chithunzi choyambirira, chifukwa kukonzako nakonso kumafufuta zina.

Kodi OCR imatha kuwerenga zolemba pamanja?

Zimatengera pulogalamu ndi dzanja. Tesseract, yaulere yomwe ambiri amayambira, inapangidwira malemba osindikizidwa. Imachita bwino pa mitu ya fomu ndi nambala ya fomu yosindikiza, imayesako pa manambala olembedwa motalikirana m'mabokosi, koma pa dzina lolembedwa molumikiza imatulutsa zinyalala. Mapulogalamu a pa intaneti monga Google Cloud Vision, Amazon Textract ndi Azure Document Intelligence amawerenga zapamanja bwinopo, koma amalipiritsa, amafuna netiweki, ndipo mafomu okhala ndi maina ndi manambala a anthu amakhala atatuluka mu ofesi yanu kupita ku makompyuta a kampani yakunja. Malawi ali ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, choncho zimenezi sizoti mlembi angoganiza yekha. Akuluakulu a bungwe avomereze kaye.

Pulogalamu iliyonse imachita bwino mukaipatsa kabokosi kamodzi osati tsamba lonse. Popeza mafomu onse ndi ofanana, mungadule gawo la ndalama pa mzere uliwonse n'kuliwerenga palokha:

```
tesseract mzere3.png stdout --psm 7 -c tessedit_char_whitelist=0123456789 tsv
```

`--psm 7` ikuuza Tesseract kuti chithunzicho ndi mzere umodzi, ndipo mbali inayo ikuiletsa kutulutsa china chilichonse kupatula manambala. Chenjerani nacho chiletsochi. Ngati mlembi analemba "sanabwere" m'bokosi la ndalama, pulogalamu ingathe kukakamiza malembawo kukhala manambala.

Mapulogalamu a nzeru zopangidwa omwe amawerenga chithunzi n'kuyankha ngati munthu ali ndi khalidwe lina loopsa pa ntchito iyi: amakonda kumalizitsa. Pamene inki yafufutika amaikapo chomveka, osanena kuti alota. Ngakhale muwauze kugwiritsa ntchito `[?]`, musadalire kuti achita choncho paliponse poyenera. Zotuluka zake zidutse m'malamulo ndi m'kawuniwuni zomwe tafotokoza m'munsimu.

Nanga malikisi omwe OCR imapereka amatanthauza chiyani?

Lamulo la Tesseract la pamwambali likutulutsa tebulo lokhala ndi kolamu ya `conf`. Liwu lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 100, ndipo mizere yosakhala ya mawu imalembedwa -1. Malikisiwa ndi a liwu lonse. Mukafuna a chilembo chilichonse, komanso malo ake pachithunzi, pemphani motere:

```
tesseract mzere3.png mzere3 --psm 7 -c hocr_char_boxes=1 hocr
```

Musawatenge ngati peresenti ya kulondola. 90 sakutanthauza kuti pa zilembo 100 zotere 90 n'zolondola. Akungosonyeza kuti pulogalamu yakhutira kwambiri pano kuposa pamene yapereka 60. Ndipo 90 wa pulogalamu ina safanana ndi 90 wa inzake. Amathandiza poika zilembo pamndandanda, zokayikitsa kwambiri patsogolo. Amalephera pamene chithunzi chanamiza pulogalamuyo, monga 8 woduka uja.

Tiike malire pa malikisi angati?

Palibe nambala yoti mungobwereka kwa ena. Malirewo, oti chilembo cha malikisi ochepera pamenepo chipite kwa wowunika, amapezeka poyesa pa mafomu anuanu. Tengani mafomu okwanira kupereka zilembo pafupifupi 1,000, ochokera kwa alembi osiyanasiyana, abwino ndi oipa omwe. Anthu awiri awalembe m'kompyuta aliyense payekha, agwirizane pamene asiyana, ndipo zimenezo zikhale mayankho olondola. Kenako fananizani ndi zomwe OCR yatulutsa.

Tiyerekeze kuti zatuluka chonchi. Malire akakhala 70, zilembo 60 zikupita kwa wowunika ndipo zolakwa 15 zikudutsa osaoneka. Akakhala 90, zilembo 150 zikupita kwa wowunika ndipo zolakwa 4 zikudutsa. Akakhala 97, zikupita 400 ndipo cholakwa chimodzi chikudutsabe. Kuchoka pa 70 kufika pa 90 mwawonjezera ntchito ya zilembo 90 n'kugwira zolakwa 11, malonda abwino. Kuchoka pa 90 kufika pa 97 mwawonjezera 250 kuti mugwire zitatu zokha, ndipo wowunika amene wapatsidwa zilembo mazanamazana zopanda vuto amayamba kungovomera osayang'ana.

Malire asakhale amodzi pa fomu yonse. Ndalama ndi nambala ya foni zikhale ndi malire okwera. Gawo la ndemanga lingakhale ndi otsika. Mukasintha sikana, pepala kapena pulogalamu, yesaninso.

Kupatula malikisi, n'chiyani china chingatiuze kuti chilembo n'cholakwika?

Fomu yomweyo. Gawo lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo malamulowa amagwira zolakwa zomwe malikisi aziphonya. Nambala ya foni ya m'manja ikhale ndi zilembo 10, kuyambira ndi 08 kapena 09. Ikakhala ndi 9 kapena 11, iikidwe chizindikiro ngakhale malikisi ali 99. Mwezi usapitirire 12, ndipo 31/04 kulibe. Tsiku lobweza lisakhale la m'mbuyo mwa tsiku lotenga ngongole. Mudzi ukhale pa mndandanda wa midzi ya kalabuyo.

Lamulo lamphamvu kuposa onse ndi kuwonkhetsa. Nayi fomu ya mizere isanu:

```
1   12000
2   8500
3   1[7/1]500
4   20000
5   6000
zonse   64000
```

Mizere inayi yosakayikitsa ikukwana 46,500. Mukachotsa pa 64,000 patsala 17,500, ndiye chilembo chija ndi 7. Chikanakhala 1, zonse pamodzi zikanakhala 58,000. Apa masamu apereka yankho, koma chizindikiro chisachotsedwe chokha. Lembani kuti "kuwonkhetsa kukuloza 7" ndipo wowunika atsimikize ndi maso. Chifukwa chake n'chakuti 64,000 uja nayenso analembedwa ndi dzanja lomwelo, ndipo mwina mlembi anawonkhetsa molakwa, kapena anawonkhetsa mzere wina usanakonzedwe.

Masamuwa amatha mphamvu pakakhala zokayikitsa ziwiri pa malo ofanana. Mzere 1 ukanakhalanso `1[7/1]000`, kusinthanitsa 7 ndi 1 pakati pa mizere iwiriyo kukanapereka chiwerengero chomwecho, ndipo ndalama za mlimi wina zikanapita kwa mnzake zonse pamodzi zili zolondola.

Kachenjerero kena ka akalaliki akale: kusiyana kwa zonse pamodzi kukakhala nambala yogawika ndi 9, ganizirani kaye kuti zilembo ziwiri zatembenuzidwa. Wina akalemba 5,800 m'malo mwa 8,500, kusiyana ndi 2,700, ndipo 2,700 ndi 9 kuchulukitsa ndi 300. Cholakwa chotere n'cha zala za munthu, si cha OCR kawirikawiri.

Wowunika azigwira bwanji ntchito yake?

Aziona kachithunzi ka gawolo pafupi ndi funso, osati kukasaka pepala m'mulu pa chilembo chilichonse. Kachithunziko kakhale kokulirapo pang'ono, koonetsa mzere wa pamwamba ndi wa pansi, kuti athe kufananiza dzanja monga tanenera pa funso la zilembo zosokoneza.

Pa ndalama ndi manambala a foni, ndi bwino wowunika alembe yekha chomwe akuona asanaonetsedwe zomwe woyamba anaganiza. Munthu akauzidwa kuti "mwina ndi 7", maso ake amaona 7. Akalemba payekha n'kufanana ndi woyamba, chatsimikizika. Akasiyana, chipite kwa wachitatu amene ali ndi pepala lenileni m'manja, poti pepala limaonetsa zomwe chithunzi chimabisa, monga kanjira komwe bolopeni inadinda ngakhale inki sinatuluke. Mapulogalamu olowetsera deta monga CSPro ndi EpiData ali kale ndi njira yolowetsa kawiri n'kufananiza.

Ndipo wowunika akhale ndi ufulu wonena kuti "sichikuwerengeka". Mukamuyesa ndi kuchuluka kwa zizindikiro zomwe wachotsa, mwangosamutsira kulota kuja pa tebulo lachiwiri. Zosawerengekazo zisonkhanitsidwe malinga ndi kalabu, kuti wogwira ntchito kumudzi akapita akafunse zonse ulendo umodzi, n'kuona lisiti lomwe mlimi anasunga.

Maina bwanji? Tizikonza akalembedwa molakwika?

Ayi. Kopani momwe alembedwera. Kuno l ndi r amasinthana m'maina ambiri, h amakhalapo kapena kusowa, ndipo ena amalemba ng' ena ng. Chirwa ndi Chilwa angakhale munthu mmodzi, angakhalenso anthu awiri a kalabu imodzi. Chilembo chooneka bwino koma chodabwitsa si chilembo chokayikitsa. Ngati mukuganiza kuti mlembi analakwitsa, nenani m'kolamu ya ndemanga.

Ngati muli ndi mndandanda wa mamembala, fananizani nawo, koma kompyuta ingopereka maganizo. Isalumikize yokha maina ongofanana pang'ono, makamaka m'mudzi momwe a Banda ndi a Phiri ali mbali zonse. Nambala ya membala yosindikizidwa pafomu imathetsa mkangano umenewu kuposa luso lililonse lowerenga.

Talemba bwinobwino, koma mu Excel manambala asintha. Chachitika n'chiyani?

Excel yalota m'malo mwanu. Ikaona nambala ya foni imachotsa 0 woyamba. Ikaona 3/8, yomwe inu mumatanthauza "3 kapena 8", imaisandutsa tsiku; n'chifukwa chake chizindikiro chathu chili m'mikutiramawu ya makona. Kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imawerenga 04/07 ngati 7 Epulo pomwe mlembi amatanthauza 4 Julaye. Ndipo nambala yoposa zilembo 15 imasanduka maziro kumapeto.

Musanalembe kanthu, makolamu a zowerenga koyamba muwaike pa `Text`. Fayilo ya CSV musaitsegule pongoidina kawiri. Ilowetseni kudzera pa `Data`, `From Text/CSV`, n'kusankha `Text` pa makolamuwo. Kusandutsa kukhala manambala ndi masiku kuchitike pa kolamu yotsimikizika yokha.

Zomwe sizinaikidwe chizindikiro tizingozikhulupirira?

Muziziyesa. Pa mulu uliwonse tengani magawo ena mwachisawawa mwa omwe anadutsa opanda chizindikiro, munthu awafananize ndi chithunzi. Asankhidwe ndi kompyuta kapena maere, osati ndi dzanja, chifukwa dzanja limathamangira mapepala oyera.

Angati? Pali kalamulo ka masamu kosavuta: mukayesa magawo angapo osapeza cholakwa ngakhale chimodzi, gawani 3 ndi chiwerengerocho, ndipo zolakwa zenizeni mwachidziwikire sizikuposa pamenepo. Magawo 300 opanda cholakwa akutanthauza kuti zolakwa sizikuposa 1 pa 100. Magawo 30 okha akungokuuzani kuti sizikuposa 10 pa 100, zomwe pa nkhani ya ndalama si chitonthozo ayi.

Mukapeza zolakwa, musangozikonza n'kupitirira. Onani ngati zikuchokera kwa mlembi mmodzi, tsiku limodzi losikana, kapena chilembo chimodzi. Zikakhala za kalabu imodzi, mafomu onse a kalabuyo awunikidwe. Zikakhala zamwazikana, malire anu ndi otsika. Bwererani ku funso la malire.

Tikusindikiza mafomu atsopano. Tisinthe chiyani kuti chaka chamawa zisadzavute?

Chilembo chilichonse chikhale ndi kabokosi kake: mabokosi 10 a foni, 8 a tsiku okhala ndi zilembo zotuwa zosonyeza tsiku, mwezi ndi chaka. Mizere ya mabokosi ikhale yotuwa kuti isamawerengedwe ngati 1. K wa kwacha asindikizidwiretu kunja kwa bokosi. Pamwamba pa fomu ikani mzere woti mlembi alembe 0 mpaka 9 ndi dzanja lake, kuti wowunika akhale ndi chofananizira pa tsamba lomwelo. Pangodya zinayi pakhale timabokosi takuda tothandiza kuwongola chithunzi, ndipo tsamba lililonse likhale ndi nambala yake yosindikiza.

Alembi apatsidwe bolopeni zakuda, ndipo auzidwe kuti akalakwitsa adule kamodzi n'kulemba pambali, osati kulemba pamwamba pa cholakwacho. Kope loyamba libwere ku ofesi, la kaboni litsale ku kalabu. Pa ndalama zazikulu, siyani mzere woti alembenso m'mawu, monga zimakhalira pa cheke.